Zikope zophimbika: zodzola zikamasowa kapena kudinda mukatsegula maso

Ndimaphoda akwati ndi operekeza akwati kuno ku Highfield mumzinda wa Harare, ndipo pali dandaulo limodzi lomwe silisowa pampando wanga. Wina amati: "Asisi, kunyumba ndimajambula bwinobwino, koma ndikangotsegula maso zonse zimalowa m'kati." Wina amati akamatsika kombi pa siteshoni ya Copacabana m'tauni amapeza mzere wakuda wadinda pamwamba pa diso ngati wachita kuujambula dala. Ambiri amaloza chala zodzola zotchipa, ena amati dzanja lawo limanjenjemera. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo. Ali ndi zikope zophimbika, koma akupaka motsatira njira yoyenera diso la mtundu wina.

Chikope chophimbika ndi chija khungu la pansi pa nsidze limatsika n'kuphimba khwinya la chikope, mwina mpaka kukhudza tsitsi la m'mphepete. Si matenda. Kwathu n'zakumtundu: agogo anga aakazi amene anachokera ku Dedza anali nazo, mayi anga ali nazo, inenso ndili nazo. Ena zimawayamba akamakula, khungu likayamba kulobodoka. Chinthu chimodzi chokha ndicho chimasintha zonse: anthu amakuonani maso ali otsegula, choncho jambulani maso ali otsegula. Pafupifupi vuto lililonse lili m'munsimu limabwerera pamenepa.

Kuti tisasokonezane, ndikamati nsidze ndikunena tsitsi la pamwamba, la pafupa. Tsitsi la m'mphepete mwa chikope ndizilitchula malashi, monga timanenera ku saluni. Khwinya ndi pamene chikope chimapindikira mukatsegula diso.

Musanakonze chilichonse, yesani izi

Imikani galasi molunjika nkhope, pamsinkhu wa maso anu, osati pamiyendo kapena patebulo. Khalani moyang'ana zenera. Magetsi akathima m'mawa musadalire kuwala kwa foni, kumanamiza mitundu. Masulani chipumi, musakweze nsidze, muyang'ane kutsogolo ngati mukucheza ndi munthu. Tsopano onani kachigawo ka chikope kamene kakuoneka pakati pa malashi ndi khungu logwalo.

- Ngati mukuona mamilimita 3 kapena 4, malo ojambulapo muli nawo, koma ochepa.
- Ngati mukuona milimita 1 kapena 2, ailaina wamba adzadya malo onsewo.
- Ngati simukuona kalikonse, ntchito yanu yonse ichitikira pamwamba pa khungu logwalo ndi m'mizu ya malashi.

Yesani diso lililonse palokha. Anthu ambiri diso limodzi limakhala lophimbika kuposa linzake, ndipo mukajambula onse mofanana m'pamene amaoneka osiyana.

Vuto loyamba: shado ikusowa mukatsegula maso

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo likakonzeka ena angapo amatha okha.

*Chochititsa chofala kwambiri: mukupaka m'khwinya lenileni, diso lili lotseka kapena nsidze zili m'mwamba.* Ambiri timakweza nsidze osadziwa tikangogwira burashi. Khungu limatambasuka, malo amaoneka ambiri, timapaka mosangalala. Nsidze zikabwerera m'malo mwake, khungu limatsika n'kumeza zonse.

Kuti mudziwe ngati ndi zimenezi, tsekani diso limodzi mukamaliza kupaka. Ngati mtundu ukuoneka bwino diso lili lotseka koma ukusowa mukatsegula, mwaika pansi kwambiri.

Kakonzedwe kake n'kupanga khwinya latsopano pamwamba pa lenileni:

1. Yang'anani kutsogolo, diso lotsegula, chipumi chomasuka.
2. Ndi kaburashi kakang'ono, ikani kadontho ka shado yabulauni yosanyezimira pakhungu logwalo, mamilimita 2 kapena 3 pamwamba pa pamene lapindikira, molunjika pakati pa diso.
3. Ikani kadontho kena kumbali ya kukhutu, pamsinkhu womwewo kapena kokwererapo pang'ono.
4. Lumikizani timadonthoto diso likadali lotsegula. Mukatero m'pamene mungatseke n'kudzaza pansi pake mpaka kumalashi.
5. Salazani m'mphepete mwa pamwamba ndi burashi yopanda kanthu, mokweza, osati motsitsa. Siyani kampata kosapaka kanthu pansi pa nsidze, kosachepera theka la kunsonga kwa chala chaching'ono.

Mukatseka diso mudzaona ngati mwakweza mopitirira. Musafufute. Tsegulani muone. Mdima umene mwaika pakhungu lotuluka kunjalo umalichititsa kuoneka ngati labwerera m'mbuyo, ndipo diso limaoneka lakuya ndi lotseguka.

*Chachiwiri: mtundu wa shado ukufanana ndi khungu lanu.* Mabokosi ambiri a shado amene amagulitsidwa m'tauni ali ndi bulauni wotuwa amene pakhungu lathu lakuda saoneka, kapena amaoneka ngati phulusa. Yesani kuseri kwa dzanja, osati m'chikhatho. Mukufuna mitundu iwiri: wina wotentha, wonga njerwa yootcha kapena dothi la katondo, wosalazira m'mphepete, ndi wina wakuda kuposa khungu lanu, wonga khofi wopanda mkaka, wa m'khwinya latsopanolo. Pakhungu lakuda kwambiri, bulauni wopita ku pepo kapena ku mtundu wa vinyo amaoneka bwino kuposa wakuda weniweni. Ngati mitundu ikukanabe kutuluka, pakani kaye konsila yowalirapo pang'ono kuposa khungu lanu, mopyapyala kwambiri, ndipo shado ikhale pamwamba pake.

*Chachitatu: burashi ndi yaikulu.* Burashi yofutukuka ija yosalazira imakwana diso lalikulu. Padiso laling'ono imamwaza mtundu kuyambira kumalashi mpaka kunsidze, zonse n'kukhala chimtambo chimodzi. Pezani yamutu wosaposa njere ya nyemba.

Vuto lachiwiri: ailaina akudinda pamwamba pa chikope

Pamaso ophimbika khungu la pamwamba limakhudza la pansi nthawi iliyonse mukaphethira. Chilichonse chonyowa kapena chamafuta chimene chili pansi chimasamukira pamwamba. Zochititsa zake, kuyambira chofala:

- Chikope chili ndi mafuta. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi Harare amauma, ndipo timazolowera kudzola vaselini kapena gilisilini nkhope yonse. Chizolowezicho timapitiriza mpaka kutentha kwa Okutobala, pamene thukuta likuwonjezera pamwamba. Yesani motere: pakatha ola limodzi mutasamba ndi kudzola, dindani tishu pachikope. Ikatuluka ndi banga lowala, mafuta ndi amene akusungunula ailaina wanu. Dzolani nkhope koma zikope muzilambalala. Pakani pulaima wa pazikope, uja wopaka poyamba kuti zodzola zigwire, wochepa ngati njere ya mpunga, wokwanira maso onse awiri, mufike naye mpaka pakhungu logwalo chifukwa ndi pamene pamadindika. Dikirani mphindi imodzi, kenako kapaudala pang'ono pamwamba.
- Mzere ndi wonenepa. Ukafika pamene khungu lapindikira, udinda basi, kaya ailainayo ndi wodula chotani. Uchepetseni ukhale wosapitirira theka la malo amene munaona poyesa paja.
- Mukutsegula diso asanaume. Ailaina wamadzi amafuna masekondi 20 kapena 30. Yang'anani pansi, muwerenge mumtima, kenako mutsegule.
- Konsila kapena faundeshoni yachuluka pachikope. Izi zili ndi mafuta ake, ndipo zikachuluka zimasonkhana m'khwinya n'kukoka ailaina. Mudzazindikira poona kamzere kotuwa m'khwinya masana. Chepetsani, kapena musiyiretu mugwiritse pulaima yekha.
- Pensulo ndi yofewa kwambiri. Jambulani kuseri kwa dzanja, dikirani mphindi imodzi, mupukute ndi chala. Ikafalikira, siyoyenera chikope cha pamwamba pokhapokha mutaiphimba ndi shado yakuda pogwiritsa kaburashi kopyapyala. Shadoyo imayamwa mafuta a pensulo n'kuikhazika.

Kwa amene chikope sichioneka n'komwe, ndimalangiza kusiya mzere wa pamwamba. M'malo mwake tengani pensulo yosasungunuka ndi madzi, mukweze chikope pang'ono ndi chala choyera, muziika timadontho pakati pa mizu ya malashi kuchokera pansi. Malashi amaoneka othithikana, diso limakhala ndi malire, koma simunadye malo ngakhale pang'ono. Khalani m'mizu mwenimweni. Musalowe kumkombero wonyowa wa m'kati, chifukwa kumeneko kuli timabowo totulutsa mafuta amene amateteza misozi kuti isaume msanga, ndipo tikatsekeka diso limauma n'kuyamba kuyabwa.

Vuto lachitatu: kamchira ka ailaina kakuthyoka kapena kuloza pansi

Apa m'pamene atsikana ambiri amatayira mtima. Kamchira kamaoneka kowongoka diso lili lotseka, koma mukatsegula kamapindika ngati mbedza, kapena kamagwa n'kuchititsa nkhope kuoneka yotopa.

*Chofala kwambiri: khwinya lanu limapitirira ngodya ya diso, ndipo kamchira kakudutsa pa ilo.* Yang'anani pagalasi kumbali ya kukhutu. Ngati khungu logwalo latsika mpaka kudutsa pamene malashi athera, mzere uliwonse wodutsa pamenepo uthyoka. Pali njira ziwiri.

Yosavuta ndi kamchira kakafupi kokhala pansi pa khwinya. Diso lili lotsegula, tsatirani mzere wa chikope cha m'munsi ngati mukuupitiriza kupita kumapeto a nsidze, mujambule mamilimita 3 kapena 4 okha, muime musanafike pakhwinya. Lumikizani nsongayo ndi malashi a pamwamba ndi kamzere kopyapyala.

Yachiwiri ndi ya amene akufuna kamchira kooneka patali, monga paukwati:

1. Diso lotsegula, mukuyang'ana kutsogolo, jambulani mzere wa pansi wa kamchira kuchokera pangodya kukwera.
2. Kuchokera pansonga, bwererani molunjika kudiso, mukudutsa pamwamba pa khungu logwalo ngati kuti khwinya palibe. Musatseke, musakweze nsidze.
3. Tsopano tsekani. Mudzaona mpata kapena kasitepe pamene khungu linapindika.
4. Dzazani mpatawo osasintha mizere ija. Diso lili lotseka zidzaoneka ngati phiko la mleme, koma lili lotsegula ndi mzere umodzi wowongoka.

Poyamba yeserani ndi shado yabulauni pa kaburashi kopendekera, chifukwa imafufutika mosavuta. Mukakhutira ndi malo ake, dutsanipo ndi ailaina.

*Chachiwiri: mukukoka khungu ndi chala pojambula.* Mukalisiya limabwerera, mzere n'kukwinyika. Tsamiritsani chigongono patebulo ndi chala chaching'ono patsaya, dzanja likhazikika popanda kukoka.

*Chachitatu: mukutsatira chikope cha pamwamba mpaka kumapeto.* Pamaso ambiri ophimbika chikope cha pamwamba chimatsetsereka kumapeto, ndipo ailaina akachitsatira amatsetsereka nacho. Siyani kuchitsatira patatsala malashi atatu kapena anayi, muyambe kukwera.

Vuto lachinayi: diso likuoneka laling'ono kuposa musanapake

- Wanja wakuda wazungulira diso lonse, m'kati momwe. Ichi ndicho chofala, ndipo ambiri tinachitengera kwa amayi athu. Padiso lalikulu chimakongola, koma padiso laling'ono mzere wakuda wotsekeka umachepetsa choyera cha diso. Pansi pakani mbali ya kunja yokha, gawo limodzi mwa magawo atatu, ndi shado yabulauni pansi pa malashi, osati m'kati. Ngati mukufuna kuwalitsa mkombero wa m'munsi pa tsiku lapadera, sankhani pensulo ya mtundu wa tiyi wamkaka. Yoyera mbee pakhungu lakuda imaoneka ngati choko.
- Malashi oikirira ndi aatali ndi olemera. Aja a mamilimita 20 kapena kuposa amagunda khungu logwalo, amaweramira kutsogolo, n'kuchita mthunzi padiso ngati khonde. Padiso laling'ono, mamilimita 8 mpaka 12 ndi okwana. Sankhani opepuka, a kamkanda kopyapyala, aatali pakati ngati mukufuna diso lozungulira. Yezani musanapake guluu, mudule kumbali ya kukhutu, ndipo athere mamilimita 2 musanafike pangodya kuti asakokere diso pansi. Kawirikawiri theka la lashi, loikidwa kuyambira pakati kupita kunja, limagwira ntchito kuposa lathunthu.
- Zonyezimira zili pakhungu logwalo. Kuwala kumatulutsa chinthu kunja, choncho khungu limaoneka lotupa. Zonyezimira zikhale malo awiri okha: pakati pa chikope pafupi ndi malashi, ndi kadontho pangodya ya kumphuno.
- Nsidze mwazinenepetsera pansi. Mpata wa pakati pa nsidze ndi diso ndiwo chuma chanu. Mukamajambula nsidze wonjezerani m'mphepete mwa pamwamba, pansi musiye momwe zilili, ndipo mchira wake usatsike kupitirira pamene mutu wake wayambira.

Vuto lachisanu: masikara akusiya timadontho pansi pa nsidze

Apa sipofunika zambiri. Malashi anu akugunda khungu masikara asanaume. Pakani mukuyang'ana pagalasi loikidwa m'munsi mwa chibwano (pano pokha ndi pamene galasi la pansi limathandiza), mukhale choncho masekondi angapo. Kadontho kakachitika musakapukute kali konyowa. Kasiyeni kaume, kenako mukachotse ndi kamtengo ka thonje kouma, kamayoyoka kosasiya banga. Ngati timadontho tikubwera masana, ndi mafuta a khungu akusungunula masikara, ndipo apa amathandiza ndi aja okuta tsitsi lililonse ngati kapaipi, amene amachoka ndi madzi ofunda. Chopindira malashi chigwiritseni musanapake masikara, chifukwa mukachita pambuyo malashi amamatirira n'kuthothoka. Pindani pamizu, kenako pakati, masekondi 5 malo aliwonse.

Mmene tinakonzera maso a mwana wa achimwene anga

Mwana wa achimwene anga, wa ku Mufakose, anali woperekeza mkwati paukwati wa mnzake mu Okutobala. Anabwera Lachitatu atakwinya nkhope, n'kundionetsa chithunzi cha tsiku loyeserera. "Azakhali, taonani, ndikuoneka ngati ndagona." Pachithunzipo shado yagolide inali paliponse mpaka kunsidze, ailaina wonenepa anali atadinda uta wachiwiri pamwamba, ndipo malashi anali aatali moti maso ake sankaoneka.

Ndinamukhazika pazenera n'kumuuza ayang'ane mphuno yanga. Diso lamanja linkaonetsa chikope pafupifupi mamilimita 2, lamanzere 1 yekha, ndipo khwinya la kumanzere linkadutsa ngodya. Tishu inatuluka ndi banga, ndipo anavomera kuti amadzola vaselini nkhope yonse m'mawa uliwonse.

Tinapukuta zikope, n'kupaka pulaima ndi kapaudala. Khwinya latsopano ndinaliika mamilimita 3 pamwamba kumanja. Kumanzere sindinayeze kuchokera pakhwinya lake, ndinangofananiza msinkhu ndi la kumanja maso onse ali otsegula, choncho linakwera pang'ono kuposa mamilimita 3 kuchokera pakhwinya lakelo. Mtundu wa njerwa m'mphepete, wa khofi m'kati. Golide uja sitinamutaye chifukwa ndiye unali mtundu wa ukwati, koma ndinamuika ndi nsonga ya chala pakati pa chikope pokha ndi pangodya za kumphuno. Ailaina wa pamwamba tinamusiya, tinangodzaza mizu ya malashi, n'kuika kamchira ka mamilimita 4 ka shado yakuda pansi pa khwinya. Malashi tinadula pakati n'kuika theka la kunja. Guluu tinamudikira masekondi 30 kuti ayambe kunanda tisanamate, chifukwa wonyowa amatsetsereka n'kulowa m'diso.

Chinthu chimodzi chinatikanika ulendo woyamba. Kumanzere lashi linkagunda khungu n'kuweramira pansi. Ndinalimatula, n'kulimatanso nsonga ya kunja itakwera pang'ono pamwamba pa mizu, kampata kotsalako n'kukadetsa ndi shado. Kenako ndinamuuza akwere kombi apite m'tauni n'kubwerera, dzuwa lili pamutu, osakhudza kumaso. Atabwera patatha maola atatu, panali kabanga kamodzi kokha kumanzere, pamene pulaima sanafike. Loweruka anadzipaka yekha, ine ndinangomuikira malashi. Kuyesa kwa kombi kumeneku ndimakukhulupirira kuposa galasi, ndipo mkwati aliyense ndimamuuza achite sabata imodzi ukwati usanafike.

Vuto lachisanu ndi chimodzi: maso akuyabwa, akufiira kapena akutuluka misozi

Apa tasiya za kukongola. Chotsani zonse kaye, musawonjezere chilichonse pamwamba, kenako fufuzani:

- Masikara kapena ailaina wamadzi ndi wakale. Akatha miyezi 3 chitsegulireni, tayani. Musathiremo madzi kapena malovu kuti afewe, mukuweta tizilombo.
- Mwabwerekana. Pokonzekera ukwati pensulo imodzi imazungulira operekeza onse, ndipo matenda a maso ofiira amayenda momwemo. Aliyense abwere ndi masikara ake. Pensulo isongoledwe asanagwiritse wina.
- Guluu sakugwirizana nanu. Guluu wambiri wa malashi ali ndi mphira, ndipo ena khungu lawo limadana nayo. Yesani kadontho kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa mkono masiku awiri musanamate malashi. Guluu wakuda womatira wivi m'mutu si wa m'maso, ngakhale mutaona ena akumugwiritsa ntchito. Wina akamutulutsa kuti akumatireni malashi, dzukani pampando.
- Mukugona osachotsa, kapena mukuchotsa mokhula. Nyowetsani thonje ndi mankhwala ochotsera zodzola, muligoneke pachikope masekondi 20, mupukute motsitsa. Pamaso ophimbika kwezani nsidze ndi chala kuti muyeretse m'khwinya, chifukwa zotsalira zimabisala mmenemo.
- Wanja waufa wopanda chizindikiro. Wina mwa wanja wotere amapezeka ndi mtovu, umene ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Musapake mwana. Chimodzimodzi zonyezimira zokongoletsera makadi, zili ndi m'mphepete mwakuthwa ndipo zimakanda diso.

Ovala magalasi a m'diso aja omata, avaleni musanapake, muwavule musanachotse zodzola. Mukatuluka sokera siyani zodzola zonse, muzithowa ndi kansalu koyera ka madzi ofunda mphindi 5 mpaka 10 kangapo patsiku, ndipo musamufinye. Zimene munagwiritsa ntchito diso likudwala, monga masikara ndi ailaina, zitayeni.

Pamene muyenera kusiya burashi n'kupita kuchipatala

Zikope zophimbika zimakhala momwemo zaka ndi zaka, ndipo chogwa ndi khungu la pamwamba. Chikope chenicheni chikagwa, kutanthauza kuti m'mphepete muja muli malashi mwatsika n'kuyamba kuphimba kamwana ka diso, imeneyo ndi nkhani ina ndipo shado singaikonze. Fananizani ndi chithunzi chanu chakale, monga cha pachitupa.

Pitani nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche, ngati:

- chikope chimodzi chagwa mwadzidzidzi, makamaka ngati mukuona zinthu ziwiriziwiri, mutu ukuwawa kwambiri, kapena kamwana ka diso limodzi kakula kuposa kanzake;
- mbali imodzi ya nkhope yagwa, mkono wafooka, kapena mawu sakutuluka bwino;
- guluu wamphamvu womatira zinthu walowa m'diso kapena wamata zikope: tsukani ndi madzi ofunda oyera, musakanule mokakamiza;
- mankhwala odetsera tsitsi kapena ena aliwonse alowa m'diso: tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako nyamukani;
- mwadzibaya ndi burashi ya masikara ndipo diso likuwawa, likuopa kuwala, kapena mukuona mwachimbuuzi;
- chikope chatupa, chatentha, chafiira, ndipo thupi likutentha.

Kaonaneni ndi dokotala m'masiku ochepa ngati:

- diso likutuluka mafinya kapena mukudzuka zikope zitamatirana;
- kuyabwa sikukusiya patatha masiku awiri chisiyireni zodzola;
- sokera wakhala kupitirira sabata osachepa, kapena akubwerabwera pamalo amodzi;
- chikope chimagwa madzulo koma m'mawa chimakhala bwino;
- khungu logwalo layamba kutchinga kuona kwanu m'mwamba kapena m'mbali, moti mumakhalira kukweza nsidze mpaka chipumi kuwawa;
- malashi akuthothoka malo amodzi, kapena pachikope pali kachotupa kotuluka magazi kosapola.

Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu, iwo akhoza kukutumizani kwa madokotala a maso, monga a ku Sekuru Kaguvi pa chipatala cha Parirenyatwa. Musagule mankhwala odonthezera m'maso mongoganiza, chifukwa ena amakulitsa zilonda za padiso, ndipo mafuta oyeretsa khungu asayandikire zikope. Popita musapake kalikonse kumaso, ndipo nyamulani m'kachikwama guluu, masikara kapena pensulo imene munagwiritsa ntchito tsikulo kuti adokotala awerenge zimene zalembedwapo.